Mzere umodzi wa m'kabuku ka sikelo ndi moyo wa mayi woyembekezera

Mayi woyembekezera akapita kusikelo, nthawi yomwe amacheza ndi namwino ndi yochepa, chifukwa panja pamakhala podzaza ndi ena odikira. Zambiri zomwe wauzidwa amaiwala asanafike kunyumba. Chomwe chimatsala m'chikwama ndi kabuku, ndipo mutu ukamuwawa pakati pa usiku, kabukuko ndiko kamaimirira m'malo mwa namwino. Kawirikawiri sakawerenga yekha. Amawerenga ndi amuna ake, kapena mwana wa sukulu amawerengera agogo ake mokweza, ndipo ndi anthu amenewa omwe amagamula ngati njinga ifunidwe usiku womwewo kapena adikire kuche.

Timabuku tambiri totere timayamba kulembedwa m'Chingerezi potsatira malangizo a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO. Mu 2016 bungweli lidalangiza kuti mayi azionana ndi azaumoyo kasanu ndi katatu pa mimba imodzi, koyamba masabata 12 asanathe. Lilinso ndi mndandanda wa zizindikiro zoopsa, monga kutaya magazi, mutu waukulu pamodzi ndi kusaona bwino, kutentha thupi mpaka kulephera kudzuka, kupweteka kwambiri m'mimba ndi kubanika. Womasulira akafika pa tsamba limeneli, funso loti adzifunse pa mzere uliwonse ndi lakuti kodi banja lomwe lawerenga lichita chiyani.

Tiyeni titenge gawo limodzi lokha, la vuto la kukwera kwa BP chifukwa cha mimba. Vutoli limabwera mimba ikapitirira masabata 20, ndipo kusikelo amalikayikira makina akaonetsa 140/90 kapena kuposa apo, makamaka mkodzo ukapezeka ndi mapulotini. Likakula, mayi amagwa n'kuyamba kuphupha, ndipo iye ndi mwana yemwe akhoza kumwalira. Kuchipatala kuli mankhwala obaya a maginiziyamu salifeti omwe amaletsa kuphuphako, koma amathandiza yekhayo amene wafika.

Womasulira wothamanga akhoza kulemba kuti: "Pitani kuchipatala msanga mukaona kuthamanga kwa magazi, mutu, kutupa ndi kukomoka." Chichewa chake n'chomveka, ndipo aliyense wodziwa zilankhulo ziwirizi akhoza kuuvomereza mzerewu. Koma uli ndi mbuna zingapo.

Yoyamba ili pa kuthamanga kwa magazi. Ambiri akamva mawuwa amaganiza za mtima kugunda mwamphamvu, chonsecho BP imatha kukwera kwambiri mayi osamva kanthu m'thupi. Sichinthu choti munthu angachione ali pakhomo, choncho malo ake ndi pa tsamba lolimbikitsa kuyezetsa ulendo uliwonse wa kusikelo. Pa tsamba la zizindikiro payenera kukhala zokhazo zimene mayi angamve kapena abale angaone ndi maso.

Mutu nawo umawawa aliyense. Yemwe watandala padzuwa kumunda amamva mutu, n'kumwa panado, n'kugona. Kabuku kayenera kunena mutu wake: waukulu, wosaleka ngakhale wamwa mankhwala kapena wapuma, nthawi zina maso akuchita chidima kapena akuona tinthu tothwanima ngati nyenyezi. Chimodzimodzi kutupa. Mapazi a amayi ambiri amatupa madzulo mimba ikakula, ndipo kumudzi ena amangoti mwina ndi mapasa. Kabuku kakangoti "kutupa", mayi amayang'ana mapazi a anzake onse n'kuona kuti palibe chachilendo. Choopsa ndi kutupa kwa nkhope ndi manja, makamaka kobwera mwadzidzidzi, zikope zitalemera m'mawa, mphete ikukana kuvuka pachala.

Povuta kwambiri ndi pa kuphupha. Kukomoka ndi kugwa n'kukhala zii, monga amachitira munthu wanjala pamzere wautali, ndipo anthu amamupepesa ndi nsalu, kumuthira madzi, basi. Ena amalemba "khunyu" kuti amveketse kugwedezeka kwa thupi, koma pamenepo banja limati mwana wathu sadadwalepo khunyu, izi n'zina, ndipo ulendo umalowera kwa sing'anga. M'madera ena amati linjirinjiri, mawu omwe sadziwika kwina. Ine ndimaona kuti pano womasulira asiye kusaka dzina limodzi, afotokoze zomwe zimaoneka: mayi wagwa, thupi lauma kenako likugwedezeka, mwina thovu likutuluka kukamwa, sakuyankha. Awonjezerenso kuti izi zimachitika ngakhale kwa mayi amene sadagwepo chibadwire. Mawu achuluka, inde, koma agogo omwe akumvetsera azindikira chomwe chili pamaso pawo.

Palinso kamawu kakang'ono komwe sikaoneka koopsa, "ndi". Zizindikiro zikalumikizidwa ndi "ndi", wowerenga amamva ngati ziyenera kubwera zonse pamodzi, ndipo mayi wa mutu waukulu amadikira kuti atupe kaye. Pamwamba pa mndandanda payenera kulembedwa kuti chimodzi chokha n'chokwanira. Nawo mawu oti "msanga" ali ndi malo ambiri, chifukwa kwa wina msanga ndi mawa kukacha, kwa wina ndi tsiku la sikelo lotsatira. Malangizo a WHO amagawa zizindikiro pawiri, zofuna kunyamuka nthawi yomweyo, usana kapena usiku, ndi zofuna kupita mosachedwa. Kusiyana kumeneku kukasowa m'Chichewa, tsamba lonse lataya mphamvu.

Mzere uja ukakonzedwa ukhoza kumveka chonchi: "Mukaona chimodzi chokha mwa izi, nyamukani nthawi yomweyo, kaya ndi usiku. Musadikire kuche, musadikire tsiku la sikelo." Kenako chizindikiro chilichonse chikhale pamzere wakewake, m'zilembo zazikulu, chithunzi chili pambali.

Akamaliza kumasulira, ambiri amapereka Chichewacho kwa munthu wina amene sadaone Chingerezi choyambirira kuti achibwezere m'Chingerezi. Njirayi imagwira zomwe zadumphidwa ndi manambala olakwika, koma mzere wolakwika uja ukhoza kudutsa bwinobwino, pakuti wobwezerayo ndi wophunzira ndipo amadziwa kale chomwe chimatanthauzidwa. Mayeso enieni ali pabenchi la kusikelo. Mzamba aone kaye kuti zachipatala zili m'malo, kenako tsambalo liwerengedwe kwa amayi, abambo ndi azigogo, m'tauni ndi kumudzi, kuphatikizapo osadziwa kuwerenga ndi omwe kwawo amalankhula Chiyao, Chitumbuka, Chilomwe kapena Chisena.

Funso loti "mwamva?" silithandiza, chifukwa mwaulemu wathu aliyense amayankha kuti eya. Wofunsa anene kuti: mpongozi wanu wadzuka nkhope itatupa, akuti mutu sukuleka chiyambire dzulo, inu mutani? Yankho likakhala lakuti timupatsa panado tione mawa, mzerewo walephera ndipo ulembedwenso. Zithunzi nazo ziyesedwe zokhazokha, mawu ataphimbidwa, chifukwa mayi wojambulidwa atagwira mutu ena amamuona ngati ali pamaliro.

Manyazi amalowanso m'ntchitoyi. Pofuna ulemu, womasulira amazungulira mpaka osanena komwe magazi akuchokera. Ulemu ndi wofunika, pakuti kabuku kakamveka kotukwana sikawerengedwa mokweza pamaso pa apongozi. Koma anamwino ali nawo kale mawu aulemu ndi omveka, monga "njira ya abambo" kapena "njira yobadwira mwana", ndipo womasulira akhale nawo pansi n'kumva momwe amalankhulira. Alembenso poyera kuti magazi ali onse, ngakhale madontho, ndi chifukwa chopitira kuchipatala mayi akakhala woyembekezera.

Inu amene muli ndi kabuku kotere pakhomo, tsegulani tsamba la zizindikiro lero, muwerenge pamodzi ndi amene adzathamangire njinga kapena galimoto tsiku la vuto. Pomwe simukumva, kafunseni anamwino ulendo wotsatira wa kusikelo, ndipo muwauze kuti mzerewo sukumveka.