Kalata yophunzitsa bambo kudziyeza bipi

Bambo wina wa zaka 72 wa m'boma la Ntcheu atalandira makina oyezera kuthamanga kwa magazi kuchokera kwa mwana wake wamkazi, yemwe ndi namwino ku Mangalande, sanadikire kuti wina amuwerengere kalata yomwe inali m'bokosimo. Anali atangofika kuchokera kudimba, thukuta lili kamukamu. Anamanga lamba wa makinawo pamwamba pa juzi, n'kudina batani ali chilili. Makina anaonetsa 168/96, ndipo tulo sanatione usiku umenewo.

Kalatayo, yomwe mdzukulu anawerenga m'mawa mwake, inkachita ngati mwiniwake anaziwoneratu. “Ababa,” inayamba motero, “makinawa sanama, koma amanena za mphindi imene mwayezayo basi. Mukayeza mutatopa, mutakwiya kapena mkodzo utakugwirani, nambala imakwera ngakhale matenda sanakule.”

Mwanayo anayamba ndi kakhalidwe. Kwa mphindi 30 asanayeze, bambo ake asamwe tiyi kapena khofi, asasute, asagwire khasu. Ayambe akataya madzi, kenako akhale pampando wokhala ndi chotsamira kwa mphindi zisanu, mapazi onse ali pansi, miyendo yosapingasa. Pamphasa kapena pachitsa pakhonde ayi, chifukwa msana wosatsamira umakweza nambala. Mkono ugone patebulo, chikhatho choloza kumwamba, kuti lamba akhale molingana ndi mtima. Mkono ukalendewera m'munsi, makina amaonetsa bipi yokwera kuposa yeniyeni.

Pa za lamba ndi pomwe anatayapo mawu ambiri. “Vulani juzi, musangopinda mkono wake, chifukwa chopindacho chimafinya mitsempha. Lamba akhale pakhungu, zala ziwiri pamwamba pa chigongono, kapaipi kakutsikira mkati mwa mkono kuloza kuchikhatho. Mumange moti zala ziwiri zizilowa movutikira.” Anawonjeza kuti lamba wa makina ambiri amakwana mkono wa masentimita 22 mpaka 32 kuzungulira. Wa mkono waukulu kuposa apo akagwiritsa ntchito lambayu, nambala imatuluka yokwera, n'chifukwa chake anachenjeza kuti aneba obwera kudzayezetsa asamangokhulupirira zotsatira zawo.

Akadina `START`, lamba amafufuma n'kufinya kwambiri kwa kanthawi, kenako amaphwa yekha. Nthawi yonseyi munthu sayankhula, ngakhale wina ataodira pakhomo. Nambala ya `SYS` ndi mphamvu ya magazi pamene mtima ukupopa, ya `DIA` ndi pamene mtima ukupuma pakati pa kugunda, ndipo `PULSE` ndi kuchuluka kwa kugunda pa mphindi imodzi. Pakatuluka `E` kapena `Err`, kawirikawiri ndiye kuti mkono unagwedezeka kapena lamba walephera kugwira. Mabatire akafooka, asinthidwe onse nthawi imodzi.

Bamboyo atatsatira zonsezi, makina omwewo anaonetsa 146/88. Koma kalata inali itanena kale kuti nambala imodzi siweruza mlandu. Inawauza kuyeza kawiri m'mawa asanamwe mapiritsi ndi kawiri madzulo, kusiyanitsa ndi mphindi imodzi, kwa masiku 7, n'kulemba zonse m'kope pamodzi ndi tsiku ndi nthawi. Za tsiku loyamba zimatayidwa, poti munthu amakhala akadali ndi mantha ndi makina. Zotsala 24 mdzukulu anaziphatikiza pafoni, zam'mwamba pazokha, zam'munsi pazokha, n'kugawa ndi 24. Zinapereka 141/87.

Kuchipatala bipi imatchedwa yokwera kuyambira 140/90, koma kunyumba, komwe munthu amakhala womasuka, malire ake ndi 135/85. Choncho 141/87 si yothamangira usiku, koma ndi yoti dokotala aione pa tsiku lopita kuchipatala, kuti aganize ngati mankhwala akufunika kusintha. Mwanayo anapempha kuti makinawo apite nawo, akawayerekeze ndi akuchipatala.

Yothamangira ndi ina. Nambala ikafika 180/120 kapena kuposa, ayezenso patatha mphindi zisanu, ndipo ikakhala pomwepo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Koma pakakhala kupweteka pachifuwa, kubanika, kupotoka kwa pakamwa, kufooka kwa mbali imodzi kapena lilime kulemera, asatayenso nthawi ndi makina, afune galimoto pompo.

Ndime yomaliza inali ya chinthu chimene mwanayo ankachiopa kuposa zonse. “Ababa, tsiku lina mudzaona 128/78 n'kuganiza kuti mwachira. Amene atsitsa nambalayo ndi mapiritsi, ndipo mukawasiya ikweranso inu osamva kanthu m'thupi. Musachepetse, musawonjezere, musabwereke a anzanu. Lamlungu lililonse mdzukulu wanu azijambula tsamba la kopelo n'kunditumizira, koma wosintha mankhwala ndi dokotala amene akukuonani, osati ine.”