Kodi mumadziwa? Matailosi Amachuluka Kanayi

Chipinda cha mamita 3 mbali zonse chimadya matailosi 100 a masentimita 30, chifukwa mzere uliwonse umalowa 10 ndipo mizereyo ilipo 10. Mukachikuza n'kufika mamita 6, musagule 200 ayi: mzere ulowa matailosi 20, mizere nayonso ikhala 20, basi akwana 400. Mulitali ndi mulifupi zawirikiza nthawi imodzi, ndiye tizipinda takale tinayi tingalowe m'chatsopanocho.

Wina anganene kuti penti sachuluka choncho, ndipo pang'ono akunena zoona. Wopaka kudenga amachulukadi kanayi ngati matailosi, koma makoma akangotalika m'mbali osakwera m'mwamba, penti wawo amangowirikiza kawiri. Amafika kanayi pokhapokha msinkhu wa khoma nawonso utawirikiza.