Khwangwala Asafanane ndi Ndege

Chithunzi chikhoza kukongola pansi koma kumwamba kuli mbee, ndipo apa ojambula ambiri amathamangira kumatapo gulu la mbalame pakompyuta. Kumatako sikuvuta. Chimene chimawaulula ndi kukula kwa mbalamezo: pofuna kuti zioneke bwino amazikulitsa, mapeto ake khwangwala amalingana ndi ndege.

Komatu kukulako kumawerengeka. Tinene kuti chithunzi chinajambulidwa ndi lenzi ya mamilimita 50, pakamera yomwe sensa yake ndi mamilimita 36 kuchoka kumanzere kufika kumanja, ndipo mtunda womwewo uli ndi mapikiselo 6000. Khwangwala akatambasula mapiko amafika masentimita pafupifupi 90. Ngati mukufuna aoneke kuti ali pamtunda wa mamita 100, chulukitsani 50 ndi 0.9, kenako mugawe ndi 100. Mupeza mamilimita 0.45 pasensa, omwe ndi mapikiselo 75 okha. Ndi kanthu kakang'ono zedi pachithunzi chonsecho, ndipo dzanja limayabwa kufuna kukakulitsa. Kasiyeni choncho. Mnzake amene ali pamamita 200 atenge theka la mapikiselowo, komanso mumuwalitse pang'ono, chifukwa chinthu chakutali sichioneka chakuda bii.

Potalikiranitsa, kumbukirani kuti akhwangwala sauluka pamzere. Atatu kapena anayi ayandikane, awiri aphimbane mapiko, wina atsalire kumbuyo payekha. Onse alunjike mbali imodzi koma apendekeke mosiyana pang'ono. Mbalame imodzi mukaikopera kasanu, diso limagwira msanga kuti mapiko onse aima mofanana, ngakhale mutaitembenuza.

Mbalame youluka imachitanso chimbuuzi pachithunzi, chifukwa imasuntha kamera isanatseke diso lake. Apa m'pamene ambiri amapyoza muyezo. Tiyerekeze kuti khwangwala uja akudutsa chopingasa mamita 10 pasekondi, ndipo kamera inatsegula kwa 1/250 ya sekondi. Wasuntha masentimita 4, omwe ndi mapikiselo atatu basi. Mu Photoshop pitani pa Filter > Blur > Motion Blur, pa Distance mulembe 3, ndipo Angle itsate kumene mbalameyo ikulowera. Wakutali uja mumupatse theka, pakuti chinthu chikatalikira chimaoneka ngati chikuyenda pang'onopang'ono. N'chifukwa chake mbalame zapafupi ndi zakutali ziyenera kukhala pa Layer yosiyana. Nsonga za mapiko zimathamanga kuposa thupi, choncho mukhoza kuziwonjezera chimbuuzi pang'ono, mutu n'kuusiya wooneka bwino.

Ngati kamera inatsegula kwa 1/1000, kusunthako sikufika n'komwe pikiselo imodzi, ndiye Motion Blur musayikhudze. Chimene chingafunike pamenepo ndi timadontho tija timaoneka mukakulitsa thambo la chithunzicho. Mbalame yomata imabwera yosalala kuposa thambolo, choncho iwonjezereni pang'ono kudzera pa Filter > Noise > Add Noise mpaka ziwirizi zifanane.