Zomwe lipoti la ngongole zochedwa limanena za mlangizi aliyense

Mwezi ukatha, mkulu wa nthambi ya bungwe lobwereketsa ndalama ku magulu a banki mkhonde amasindikiza pepala lomwe alangizi a ngongole sagona nalo tulo. Kumanzere kuli mayina awo, kutsogolo kwa dzina lililonse kuli ndalama zonse zomwe zidakali m'manja mwa magulu ake, ndipo kumapeto kuli peresenti. Pamwamba pa peresentiyo pamalembedwa kuti PAR 30, kutanthauza gawo la ngongole zomwe kubweza kwake kwachedwa ndi masiku opitirira 30.

Kawerengedwe kake kamadabwitsa ambiri. Tiyerekeze kuti gulu lina lidatenga K1,200,000 kuti lizibweza K200,000 pamwezi kwa miyezi isanu ndi umodzi, chiwongoladzanja tachiika pambali. Labweza kawiri, kachitatu lalephera, ndipo masiku 30 adutsa. Msungichuma wa gululo anena kuti atsalira ndi K200,000 yokha, ndipo sakunama. Koma lipotilo lilemba K800,000, ngongole yonse yomwe yatsala, chifukwa gulu lomwe laphonya mwezi uno likhoza kuphonyanso miyezi itatu ikubwerayo. Mlangizi amene ali ndi K20 miliyoni kumagulu, mwa iyo K3 miliyoni ili ku magulu ochedwa chotere, peresenti yake ndi 15, ngakhale ndalama yeniyeni yomwe sinafike itakhala K600,000. Odziwa ntchitoyi amati pansi pa 5 peresenti zinthu zili bwino, ikapitirira 10 ndiye kuti madzi afika m'khosi.

Vuto limayamba mkuluyo akatenga pepalali ngati chigamulo. Taonani mlangizi wachiwiri. Mu Novembala anali ndi K10 miliyoni kumagulu, K1 miliyoni ili yochedwa, ndiye 10 peresenti. Mu Disembala, anthu akufuna feteleza, wabwereketsa K10 miliyoni ina. Ngongole yatsopano singachedwe tsiku lobweza lisanakwane, choncho peresenti yake yatsika kufika pa 5, chikhalirecho palibe tambala yomwe watolera kwa ochedwa aja. Kumsonkhano amuombera m'manja. Zake zidzaoneka mu Febuluwale, nkhokwe zili mbee, magulu atsopano aja akayamba kupepesa. N'chifukwa chake mkulu wochenjera sayang'ana peresenti yokha. Amaona ngati kwacha yochedwayo yatsika poyerekeza ndi mwezi watha.

Pali njira zina ziwiri zoyeretsera dzina. Ina ndi kulipatsa gulu lochedwa masiku atsopano obwezera, kotero kuti makina amayamba kuwerenga ngati silinachedwepo. Ina ndi kufufuta m'mabuku ngongole yomwe yakanikiratu. Zonsezi n'zololedwa zikachitika poyera, koma lipoti losaonetsa pambali ngongole zosinthidwa masiku ndi zofufutidwa ndi lipoti lodzola mafuta.

Nanga uja wa 15 peresenti, ndi waulesi? Mwina. Koma mwina adalandira magulu a mnzake amene adasiya ntchito, ngongole zitaola kale. Mwinanso dera lake lonse limadalira fodya, ndipo ndalama sizioneka mpaka misika itatsegulidwa cha mu Epulo. Apa vuto ndi la amene adakonza zoti mlimi azibweza mwezi ndi mwezi pamene amakolola kamodzi pachaka. Kuti mudziwe, onani mmene kuchedwako kwagawikira. Kukafalikira magulu ambiri, onse achedwa pang'ono m'nyengo imodzi, kawirikawiri ndi njala kapena mvula. Kukaunjikana m'magulu awiri kapena atatu omwe apitirira masiku 90, pitani mukawaone.

Mupite nokha, mlangiziyo asakuperekezeni. Khalani pansi ndi amayiwo, tsegulani buku la gulu, muyerekeze malisiti awo ndi zomwe zili mu kompyuta ya ku ofesi. Nthawi zina mupeza kuti gulu lidabweza pa tsiku lake, lisiti ilipo, koma ndalama sinafike ku nthambi. Nthawi zina wapampando adalembetsa mayina a anthu asanu, ndalama yonse n'kutenga yekha, ndipo enawo akukana kulipira zomwe sadadye.

Gulu lomwe lipoti likuti silinachedwepo nalonso musalidumphe. Mu banki mkhonde anthu amabisirana umphawi: mmodzi akalephera, anzake amasonkha, kapena amatapa m'thumba la ngozi lomwe limayenera kuthandiza pa matenda ndi maliro. Ku ofesi gululo limaoneka loyera pamene mkati anthu atatu sadabweze kwa miyezi iwiri. Mungazidziwe poona masheya omwe akugulidwa sabata iliyonse. Akayamba kuchepa, ndipo pamsonkhano pakubwera anthu khumi mwa makumi awiri, gululo lidzalowa m'lipoti lanu miyezi ikubwerayi, ndipo lidzalowa ndi ngongole yake yonse.