Mawu a Pakanema Asakhale Obwereza

Mawu olembedwa pakanema ali pamitundu iwiri. Ena amatsatira zonse zimene zikuyankhulidwa kuti athandize anthu osamva ndi amene akuonera atatseka mawu. Ena ndi owonjezera, ndipo ntchito yawo ndi kunena zimene woyankhulayo sananene.

Mwachitsanzo, mlimi akusonyeza munda wake n'kumati, "Chimanga chonse chinapita ndi madzi." Wolemba wosazolowera amalemba kuti "Chimanga chinakokoloka", koma woonera wamva kale zimenezo, ndipo matope akuwaona yekha. Chimene sakudziwa ndi malo, nthawi ndi chifukwa chake. Mawu oyenera angakhale akuti "Nsanje, Malichi 2023, namondwe wa Freddy atadutsa." Tsopano dandaulo la mlimiyo lamveka bwino, chifukwa m'mwezi umenewo chimanga chimakhala chitatsala pang'ono kukhwima.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Wolemba amachotsa mawuwo n'kuonera kanemayo kachiwiri. Ngati palibe chimene chasowa, ndiye kuti anali obwereza. Mawu owonjezera asapitirire mizere iwiri, akhale pakanema nthawi yokwanira kuwawerenga kawiri, ndipo asatulukire pamene munthu akunena mfundo yake yaikulu, chifukwa woonera akayamba kuwerenga amasiya kumvetsera.