Yankho Likabwerera Njira Ina, Fayawolo Imalitaya

Pali vuto lina la pa netiweki limene limazunguza mutu ngakhale amisiri ozolowera ntchito. Zingwe zonse n'zolumikiza, timagetsi ta pa rauta tikuthwanima bwino, seva ili moyo, koma tsamba silikutseguka. Kawirikawiri gwero lake limakhala lakuti funso lapita njira ina, yankho n'kubwerera njira inanso, ndipo panjira yobwererayo pali fayawolo imene sinaone funsolo.

Uthenga wa pa kompyuta umayenda m'tizidutswa totchedwa mapaketi. Rauta iliyonse imayang'ana adiresi ya kumene paketi ikupita n'kusankha kolowera, osasamala kumene yachokera. Choncho palibe lamulo loti yankho lidzere m'mapazi a funso. Pa intaneti zimenezi n'zachizolowezi. Kafukufuku amene Vern Paxson anafalitsa mu 1996 anasonyeza kuti pafupifupi theka la njira zimene anayeza zinkadzera m'mizinda yosiyana popita ndi pobwera, koma uthenga unkafika ndithu. Mavuto amayamba pamene panjirapo paima chipangizo chimene chimasunga m'mutu zimene zadutsa.

Mafayawolo a masiku ano ndi otero. Ali ngati mlonda wa pageti amene amalemba m'buku mlendo aliyense wolowa. Munthu akatulukira pageti lina, mlonda wa kumeneko amafufuza m'buku lake, osapeza dzina, n'kumuyesa wakuba. Buku la fayawolo limasunga adiresi ya wofunsa, ya woyankha, manambala a madoko awo ndi pamene kukambirana kwafika. Kukambirana kwa mtundu wa TCP, kumene masamba ambiri a pa intaneti amadalira, kumayamba ndi mapaketi atatu. Wofunsa amatumiza SYN, seva imayankha ndi SYN-ACK, wofunsa n'kutsimikiza ndi ACK. Fayawolo ikalandira SYN-ACK isanaone SYN yake, imaitenga ngati yankho la funso limene silinafunsidwe, ndipo imaitaya mwakachetechete. Apa siinalakwe. Ndiyo ntchito imene anaiikira.

Tiyerekeze kampani imene ili ndi likulu ndi nthambi imodzi. Kulikulu kuli zipata ziwiri. Fayawolo yakale, ya adiresi 192.168.10.2, ndiyo yotulukira ku intaneti. Yatsopano, ya 192.168.10.1, aiika kuti ilumikize nthambi kudzera pa VPN. Seva ya maakaunti ili pa 192.168.10.20, ndipo chipata chake cha nthawi zonse ndi fayawolo yakale ija. Mmisiri anauza fayawolo yakaleyo kuti chilichonse chopita kunthambi izichipatsira yatsopano, n'kuona ngati wamaliza.

Kalaliki wa kunthambi, pa kompyuta ya 10.20.0.15, akutsegula tsamba la maakaunti. SYN ikulowa pa fayawolo yatsopano n'kupita molunjika ku seva, chifukwa ziwirizi zili pa netiweki imodzi. Seva ikuyankha, koma sidziwa njira ya kunthambi, ndiye ikuponya yankho ku chipata chake cha nthawi zonse. Fayawolo yakale ikuyang'ana m'buku, sikupeza kanthu, ikutaya. Kompyuta ya kalaliki ikubwereza SYN, nthawi yodikira ikunka nikula, mpaka tsamba likulemba kuti nthawi yatha.

Chosokoneza kwambiri n'chakuti `ping` ikhoza kumayankha bwinobwino, ngati malamulo a fayawolo yakale amalola mapaketi a mtundu umenewo. Anthu amati, "Ping ikutheka, ndiye kuti netiweki ilibe vuto," n'kuyamba kulimbana ndi seva yosalakwa. Chizindikiro china chimaoneka pamene seva ndiyo yayamba kulankhula ndi nthambi. Pamenepo fayawolo yakale imaona SYN, koma yankho limailambalala. Mzere wa m'buku umakhala wosamaliza, ndipo umafufutidwa msanga. Pa pfSense zimatenga masekondi 30. Zotsatira zake, kulumikizana kumayamba bwino kenaka n'kungouma pakati. Ntchito ikamafa pa nthawi yofanana ulendo uliwonse, kayikirani njira, osati chingwe.

Pofufuza, yambirani pa seva penipeni. Ngati ndi ya Linux, lamulo ili limaonetsa mapaketi pamodzi ndi adiresi ya MAC, imene ndi nambala ya khadi la netiweki la chipangizo chilichonse:

```
tcpdump -eni eth0 host 10.20.0.15 and tcp port 443
```

Muona mizere ya `Flags [S]` ikufika, ndi ya `Flags [S.]` ikutuluka, mobwerezabwereza, popanda kutsimikiza kochokera kunthambi. Zimenezi zokha zikuyeretsa seva, chifukwa yamva ndipo yayankha. Tsopano yerekezani ma MAC. Ngati `[S]` yachokera ku khadi la fayawolo yatsopano, koma `[S.]` ikupita ku khadi la yakale, mwaligwira vutolo. Kuti mutsimikize, funsani seva njira imene ingasankhe:

```
ip route get 10.20.0.15
```

Ikayankha kuti `via 192.168.10.2`, pitani mukawerenge zolemba za fayawolo yakale. Iliyonse ili ndi kanenedwe kake. Cisco ASA imalemba `Deny TCP (no connection)`, pfSense imaonetsa paketi yoletsedwa yokhala ndi `TCP:SA`, ndipo Linux imaika paketi yotere m'gulu la `INVALID`. Chenjerani ndi `traceroute`. Imaonetsa njira yopita yokha, choncho muyenera kuiyendetsa mbali zonse ziwiri n'kuyerekeza zotsatira.

Mankhwala achangu ndi kuuza seva njira yoyenera:

```
ip route add 10.20.0.0/24 via 192.168.10.1
```

Tsamba limatseguka nthawi yomweyo. Koma lamuloli limaiwalika seva ikazima, pokhapokha mutalilemba m'makonzedwe okhazikika, ndiponso muyenera kulibwereza pa makina alionse amene nthambi imalankhula nawo. Kukonza kokhalitsa ndi kuchotsa fayawolo yatsopano pa netiweki ya maseva, n'kuilumikiza ku yakale pa kanetiweki kawokawo. Mukatero paketi iliyonse, yopita ndi yobwera, imadutsa pa zipata zonse ziwiri, ndipo mabuku onse awiri amagwirizana.

Pali njira zina ziwiri zimene zili ndi mtengo wake. Fayawolo yatsopano ikhoza kuika adiresi yake m'malo mwa ya kalaliki, kuti seva iziyankha kwa iyo. Zimagwira, koma m'zolemba za seva anthu onse a kunthambi amaoneka ngati munthu mmodzi, ndipo tsiku lofufuza amene anasintha ndalama m'maakaunti mudzasowa pogwira. Njira inayo ndi kuuza fayawolo yakale kuti isamayang'anitsitse buku pa mapaketi amenewa, monga `tcp-state-bypass` pa Cisco ASA kapena `sloppy state` pa pfSense. Apa mwachepetsa dala chitetezo chimene munagulira chipangizocho. Ngati palibe kuchitira mwina, lamulolo likhudze maadiresi a nthambi ndi seva okha, osati netiweki yonse.

Vutoli limakonda kubuka pakangosintha china: mwawonjezera intaneti yachiwiri, mwaika VPN, mwapatsa seva khadi lachiwiri, kapena mafayawolo awiri osinthana ntchito sakugawana buku lawo. Choncho musanatsegule chipata chatsopano, tengani pepala mujambule njira ya SYN, kenaka mujambule ya SYN-ACK payokha, kuyambira pa seva kubwerera. Fayawolo imene yapezeka pa mzere umodzi wokha ndiyo idzataye mapaketi anu.