Bajeti ya kopaletivi iyambire ku nkhokwe

Makopaletivi ambiri amene ndimawalangiza amayamba bajeti ndi feteleza ndi mbewu, n'kuiwala kuti ndalama zimasowa kwambiri pokolola. Ine ndimati yambirani kumapeto.

Tiyerekeze kuti mamembala 50 abweretsa matumba 20 aliyense a chimanga, a makilogalamu 50. Amenewo ndi matumba 1,000, kapena matani 50. Mu Meyi ndi Juni mtengo umakhala wotsika, chifukwa aliyense akugulitsa. Mukafuna kudikira mpaka Januwale, lembani lendi ya nyumba yosungiramo ya miyezi yonseyo, malipiro a mlonda, mankhwala a anankafumbwe, ndi mapaleti oti matumba asagunde pansi. Lole ya matani 10 idzayenda maulendo asanu, ndipo ulendo uliwonse uli ndi okweza ndi otsitsa.

Chimene chimagwetsa gulu n'chakuti membala amafuna ndalama ya fizi ndi ya kuchipatala lero lomwe. Mukapanda kumupatsako gawo pamene akupereka chimanga, amakagulitsa kwa mavenda, matumba amachepa, koma lendi imakhala yomweyo. Choncho ndalama yolipirako mamembala ikhale mzere woyamba. Ngongole ya feteleza muzigwirizana kuti mudzabweze mutagulitsa, osati pokolola.